Laputopu yozima ingakuuzeni chiyani za komwe ili?

Funso: Laputopu yanga ya HP yokhala ndi Windows 11 inasowa Lachisanu m'basi pamene ndinkachokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, ndipo inali yozima m'chikwama. Nditalowa mu akaunti yanga ya Microsoft pa foni, mapu akuonetsa kuti ili kunyumba kwanga ku Area 25, chonsecho kulibe. Mnyamata wina wokonza makompyuta akuti ndimupatse K80,000 ndi siriyo nambala, aipeza ngakhale ikhale yozima. Kodi zimenezi n'zotheka? Nanga amene waitenga angaone mafailo anga a kuntchito? Ndine mayi wowerengera ndalama, ndipo m'menemo muli malipiro a anthu.

Pepani kwambiri, mayi, chifukwa cha zimene zakuchitikirani. Ndiyambe ndi kukupemphani kuti ndalamazo musapereke, popeza palibe njira imene munthu wakhala pa desiki lake angalembe siriyo nambala pa kompyuta n'kuona komwe kuli laputopu yozima. Siriyo nambala ndi chizindikiro chimene kampani inalemba pansi pa makinawo ndi mkati mwa pulogalamu yoyambira ya pa bolodi, ndipo laputopu siiulutsa nambalayi m'mlengalenga kuti wina aitole. Maganizo oti zingatheke amachokera ku mafoni. Foni yoyaka imakhala ikulankhulana ndi nsanja za Airtel kapena TNM nthawi zonse, ngakhale mwini wake asakuimba, ndipo imadziwika ndi nambala ya IMEI, kotero kuti kampaniyo imatha kuona nsanja imene foniyo yayandikira ndiponso simukhadi imene yaikidwamo. Malaputopu ambiri amene timagula kuno alibe malo a simukhadi, alibe IMEI, ndipo alibenso kachipangizo ka GPS komvera masetilaiti. Laputopu yotereyi ikazima, mulibe chilichonse mkati mwake chimene chikutumiza mawu kunja.

Kadontho kamene mwaona pa mapu sikakunama, koma kakunena za kale. Ndikupemphani mubwerere pa tsamba la account.microsoft.com/devices, musankhe Find my device, ndipo m'malo moyang'ana mapu muyang'ane tsiku ndi nthawi zimene zalembedwa pafupi ndi malowo. Ndikukhulupirira kuti mupeza Lachinayi usiku kapena Lachisanu m'mawa, nthawi yomaliza imene munaigwiritsa ntchito ili pa intaneti musananyamuke. Windows ikakhala yoyaka, imamvetsera mawaifai onse amene ali pafupi, wanu ndi a oyandikana nawo, n'kutumiza zizindikiro zawo ku makompyuta a Microsoft, komwe kuli kaundula wosonyeza dera limene rauta iliyonse inaonekapo. Kuchokera m'kaundulamo ndi mmene malo amawerengeredwa, kenaka amasungidwa mu akaunti yanu. Chimene mukuwerenga pa foni, tsono, chikuchokera ku makompyuta a Microsoft, osati ku laputopu yanu. Zili ngati phazi la ng'ombe m'matope a padambo, limene limakuuzani kuti inadutsa pamenepo, koma silikuuzani khola limene yagona usiku uno.

Kadonthoko kadzasuntha pokhapokha zinthu zitatu zitachitika pamodzi. Munthu ayatse laputopuyo, Windows yanu yomwe ija ikhale ikadalimo, ndipo makinawo alumikizidwe pa intaneti. Chachitatuchi ndi chimene chimavuta kwambiri, ndipo anthu ambiri sachiganizira. Laputopu imadzilumikiza yokha pa mawaifai amene ikuwadziwa kale, monga wa kunyumba kwanu, wa kuntchito ndi hotisipoti ya foni yanu. Ku Limbe kapena ku Ndirande sikupeza aliyense mwa amenewa, choncho ngakhale itayatsidwa kakhumi, ikhala chete kufikira munthu ataisankhira netiweki ndi manja ake kapena atalowetsa waya wa intaneti. Windows imalola kusankha waifai pa sikirini yofunsa pasiwedi, munthu asanalowe n'komwe, ndipo apa ndi pamene pali mwayi wanu wochepawo. Koma munthu wozolowera kugulitsa katundu wakuba sachita zimenezo. Amalowetsa fulashi, amafufuta zonse, amaika Windows yatsopano, ndipo ntchitoyi siitenga ola limodzi. Zikatero Find my device yathera pomwepo, chifukwa inali kukhala mkati mwa Windows imene yafufutidwayo, ndipo kadontho ka ku Area 25 kadzakhala pomwepo mpaka kalekale.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchikumbukire bwino, chifukwa mawu oti "yozima" timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana. Ngati munasankha Shut down, makinawo anazimiratu. Ngati munasankha Hibernate, zimene munali kuchita zinalembedwa pa disiki ndipo magetsi anazimanso chimodzimodzi, moti kwa wofufuza palibe kusiyana. Koma ngati munangotseka chivundikiro n'kuika m'chikwama, monga ambiri a ife timachitira tikamathamangira basi, laputopuyo inangogona. Malaputopu ambiri atsopano amagona tulo topepuka totchedwa Modern Standby, ndipo ali m'tulomo ena amatha kukhalabe pa waifai amene akumudziwa n'kumalandira maimelo. Zikanakhala kuti hotisipoti ya foni yanu inali yoyaka m'basimo, sizikanadabwitsa kuona chizindikiro china chapanjira. Tulo timeneti timadya batire pang'onopang'ono, ndipo batire ikatsika makinawo amadzilowetsa mu Hibernate kapena amazima. Kwa owerenga ena amene laputopu akadali nayo m'manja, lamulo ili likalembedwa mu Command Prompt limaonetsa mtundu wa tulo timene makina awo amagona:

```
powercfg /a
```

Mukaona mawu akuti Standby (S0 Low Power Idle) pa zimene zilipo, ndiye Modern Standby imeneyo. Mukaona Standby (S3), waifai amazimiratu chivundikiro chikangotsekedwa.

Batani la Lock limene lili pa tsamba lomwelo lidineni lero, ndipo mulembe uthenga waufupi wokhala ndi nambala ya foni imene mungapezekepo. Mudziwe kokha kuti lamulo limeneli limafika ku laputopu pokhapokha ili pa intaneti, choncho kudina kwanu sikusintha kanthu pa makina amene ali chigonere m'chikwama cha munthu wina. Anthu ambiri amapuma mtima akangodina, poganiza kuti atseka chitseko, pamene kalata yawo sinafike n'komwe kwa mwini wake. Mudziwenso kuti akaunti wamba ya Microsoft imakupatsani mwayi wotseka, koma osati wofufuta mafailo muli kutali. Ngati laputopuyo ndi ya kuntchito ndipo inalembetsedwa ndi a zamakompyuta a kumeneko, auzeni lero lomwe, chifukwa iwo amatha kukhala ndi pulogalamu yofufutira, ngakhale kuti nayonso imadikira kuti makinawo aoneke pa intaneti.

Kuti ndisakunamizeni, alipo malaputopu amene amalankhula pang'ono popanda intaneti, ndipo mwina mnyamata uja anamvapo za amenewa. Kuyambira mu 2019, makompyuta a Apple ali ndi njira ya Find My network, imene MacBook yogona kapena yopanda waifai imatulutsa kachizindikiro ka Bluetooth. iPhone ya munthu aliyense wodutsa pafupi imakamva, imaonjezerapo malo amene ili, n'kutumiza zonsezo mobisika ku Apple, mwini foniyo osadziwa kanthu, ndipo mwini MacBook yekha ndi amene angaziwerenge. Njirayi imafuna kuti padutse iPhone kapena chipangizo china cha Apple pamtunda wa mamita ochepa, zimene n'zotheka pabwalo la ndege la Kamuzu kapena m'maofesi a ku City Centre, koma n'zosowa m'kanyumba ka kuseri kwa msika. Imafunanso kuti MacBook ikhale yogona chabe ndipo batire ikhale ndi moto. Mafoni a iPhone 11 ndi ambiri mwa otsatira ake amatha kupezeka ngakhale atazimitsidwa, ndipo anthu amaganiza kuti MacBook imachitanso chimodzimodzi, koma MacBook ikazimitsidwa kwathunthu imakhala chete. Kampani ya HP nayo inatulutsa njira yotchedwa Wolf Connect pa malaputopu ena a makampani, okhala ndi kachipangizo kogwira netiweki ya mafoni, imene imalola kupeza, kutseka kapena kufufuta makina ozima, koma imeneyi imagulidwa ndi kulembetsedwa ndi kampani makinawo asanasowe. Palinso pulogalamu ya Absolute, imene kale inkatchedwa Computrace, yomwe mbewu yake imakhala pa bolodi la malaputopu ambiri a Dell, Lenovo ndi HP, ndipo imadzibwezeretsa yokha ngakhale Windows itafufutidwa. Imeneyi ndi yolimba zedi, komabe imagwira ntchito ngati inalipiridwa ndi kuyatsidwa kale, ndiponso ngati makinawo ayaka n'kufika pa intaneti. Pa zonsezi palibe ngakhale imodzi imene munthu angaiyatse lero, laputopu itapita kale.

Ndikufotokozereni nkhani imene ndinaigwira ndekha, chifukwa ikuonetsa bwino zimene zizindikiro zimatha kunena ndi pamene zimalekera. Mphunzitsi wina wa sekondale anandipeza laputopu yake itabedwa m'nyumba usiku, akuba atathyola zenera. Find my device inali yosayatsidwa, ndipo laputopuyo inalibe pasiwedi, chifukwa ana ake ankaonerapo makanema. Tinakhala pansi ndi foni yake n'kutsegula myaccount.google.com/device-activity, pamene Google imalemba zipangizo zonse zimene zili ndi akaunti ya munthu ndi nthawi imene chilichonse chinaoneka komaliza. Laputopuyo inali pamenepo, ndi tsiku la dzulo lake la kubedwako. Masiku 8 anadutsa popanda kusintha kulikonse, ndipo bamboyo ankayang'ana m'mawa uliwonse asanapite kukalasi. Tsiku la 9 madzulo anandiimbira mawu akunjenjemera, akuti tsiku lasintha. Tinatsegula Gmail pa kompyuta yanga, tinatsikira pansi penipeni pa tsamba pamene pali mawu akuti Details, ndipo tinapeza mzere watsopano wokhala ndi nthawi ya 4:12 madzulo ndi nambala ya IP, ndiye kuti adiresi imene makina amaonekera nayo pa intaneti, ndipo nambalayo sinali yake. Munthu wina anali atayatsa makinawo, kuwalumikiza pa intaneti ndi kutsegula Chrome, ndipo tsamba la imelo limene linali lotsegula kale linadzitsegulanso lokha.

Bamboyo anali atavala kale nsapato, akufuna tipite komweko. Ndinalemba nambala ya IP ija pa tsamba lofufuzira, ndipo linatiuza zinthu ziwiri zokha, dzina la kampani ya mafoni ndi dzina la mzinda umene unali kutali ndi kumene iye amakhala. Izi sizinatanthauze kuti laputopuyo yapita ku mzinda umenewo. Makampani a mafoni amatulutsira intaneti ya makasitomala awo pa zipata zochepa zimene zili m'mizinda ikuluikulu, ndipo nambala imodzi ya IP imagawidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi, kotero kuti munthu ali ku Ntcheu amatha kuoneka ngati ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Wokhoza kulumikiza nambalayo ndi simukhadi inayake ndi kampani ya mafoni yokha, poyang'ana m'kaundula wake nambalayo pamodzi ndi nthawi yeniyeni, ndipo siipereka zimenezi kwa munthu wamba kapena kwa wokonza makompyuta, koma kwa apolisi amene abwera ndi chilolezo cha lamulo. Ngakhale pamenepo, ngati anthu ambiri ankagawana nambalayo pa mphindi imeneyo, kusankhapo mmodzi kumavuta. Tinajambula sikirini yonse, tinalemba tsiku, ola ndi mphindi, tinalembanso kuti nthawiyo ndi ya kuno kwathu, imene ili patsogolo ndi maola 2 pa UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo, chifukwa makaundula ambiri a makompyuta amasunga nthawi ya UTC ndipo kusokoneza maola awiriwo kungaloze munthu wosalakwa. Zonsezi tinakazionjezera pa lipoti la kupolisi. Laputopuyo sinaonekenso pa akauntiyo, ndipo ndimakhulupirira kuti inafufutidwa usiku womwewo. Chimene chinandiwawa ine n'choti pa mphindi zimene inali yoyakazo, munthu wachilendo anali ndi imelo ya bamboyo patsogolo pake, ndipo ndinali ine amene ndinavomera kuti tisasinthe pasiwedi pofuna kudikira chizindikiro.

N'chifukwa chake kwa inu ndikunena zosiyana. Pali kusankha pakati pa kusiya maakaunti otsegula ngati nyambo ndi kuwatseka, ndipo kwa munthu wosunga malipiro a anthu ena palibe chokayikira, atsekeni. Musanatero, dutsani pa masamba aja kamodzi n'kujambula zimene zilipo: tsamba la Google limene ndatchula, tsamba la account.live.com/activity limene limaonetsa malo ndi nthawi zimene akaunti ya Microsoft inalowedwa, ndiponso Linked devices mu WhatsApp ya pa foni yanu, pamene pamalembedwa nthawi imene kompyuta inaoneka komaliza. Mukatha kujambula, tulutsani laputopuyo mu Google ndi mu WhatsApp, sinthani pasiwedi ya imelo poyamba popeza ndi imene imatsegula zina zonse, kenaka ya kubanki, ya kuntchito ndi ina iliyonse imene Chrome kapena Edge inkakusungirani. Pasiwedi ya Microsoft isintheninso, koma laputopuyo musaichotse pa mndandanda wa Devices. Mukadina Remove device mwadula chingwe chokhacho chimene chingadzakuuzeni kanthu, ndipo tsamba lomwelo nthawi zambiri limasunga siriyo nambala ya makinawo, imene mudzaifuna.

Tsopano za mafailo, zimene kwa ine ndi zazikulu kuposa makinawo. Laputopu yozima siitumiza mafailo anu kwa aliyense kutali, ndipo inunso simungawatenge muli kutali, kupatula amene anali atakwera kale ku OneDrive kapena Google Drive. Koma munthu amene waigwira m'manja ali pamalo ena. Pasiwedi ya Windows imatseka khomo la kutsogolo lokha. Ngati disiki ili yosabisidwa, munthu amamasula tizitsulo ta pansi, amachotsa disikiyo, amaiika m'kabokosi kolumikizira pa kompyuta ina, ndipo mafoda anu onse amatseguka ngati a pa fulashi wamba, pasiwedi osafunsidwa n'komwe. Angathenso kuyatsa makinawo kuchokera pa fulashi n'kuwerenga zonse osamasula kanthu. Chimene chimaletsa zimenezi ndi kubisa kwa disiki yonse, kumene pa Windows kumatchedwa BitLocker kapena Device encryption, ndipo nkhani yabwino ndi yoti pa malaputopu ambiri atsopano kumadziyatsa kokha munthu akalowa ndi akaunti ya Microsoft poyambitsa makinawo.

Mungathe kudziwa lero ngati zinali choncho kwa inu, ngakhale laputopu ili kutali. Tsegulani account.microsoft.com/devices/recoverykey. Mukapezapo dzina la laputopu yanu pamodzi ndi kiyi wa manambala 48 ndi tsiku limene anasungidwa, chimenecho ndi chizindikiro champhamvu choti disikiyo inabisidwa, pokhapokha ngati inu kapena wokonza wina anadzazimitsa kubisako pambuyo pake. Zikatero wochotsa disiki adzangoona zinthu zosawerengeka, ndipo chimene chatsala pakati pa iye ndi mafailo anu ndi pasiwedi kapena PIN yanu ya pakhomo. Ngati inali chaka chanu chobadwa ndipo m'chikwamamo munalinso chiphaso kapena kope lanu, musaidalire. Mukapeza tsambalo lili lopanda kiyi, ndipo a kuntchito nawonso alibe kiyi wa makinawo, ganizani kuti mafailo onse angathe kuwerengedwa, ndipo akuluakulu a kuntchito auzidwe lero kuti mndandanda wa malipiro, manambala a maakaunti a kubanki ndi china chilichonse chimene chinali m'menemo chili m'manja osadziwika. Ndikudziwa kuti kunena zimenezi kwa abwana n'kolemera, koma anthu amene maina awo ali pa mndandandawo ayenera kuchenjezedwa asanayambe kulandira mafoni a anthu onamizira kuti ndi a kubanki, odziwa kale dzina lawo lonse ndi ndalama zimene amalandira.

Muona apa kuti chitetezo ndi kufufuza zimakokana. Laputopu ya mphunzitsi uja inatipatsa chizindikiro chifukwa inali yosatseka, moti wakubayo analowa n'kuyamba kuigwiritsa ntchito. Laputopu yotsekedwa bwino imam'gwetsa ulesi munthuyo ndipo amangoifufuta, choncho imasowa osanenapo kanthu, koma zinsinsi zake zimafufutikira limodzi. Ine ndikanakhala inu ndikanakondwera ndi njira yachiwiriyi.

Siriyo nambala ili ndi ntchito yake, koma ntchitoyo ndi ya pansi pano, osati ya m'mlengalenga. Ipezeni pa katoni, pa lisiti, pa khadi la walanti kapena pa tsamba la Devices lija, ndipo ilembedwe molondola pa lipoti la kupolisi pamodzi ndi mtundu wa makinawo ndi zipsera zimene inu nokha mukuzidziwa, monga ngodya yophwanyika kapena batani lofufutika. Kufufuta Windows sikusintha nambala imeneyi. Ngakhale kapepala ka pansi katamatulidwa, imaonekabe mu BIOS, pulogalamu yoyambira ya pa bolodi ija, imene pa malaputopu a HP imatsegulidwa podina F10 makina akungoyaka, ndipo imaonekanso ndi lamulo ili mu PowerShell:

```
Get-CimInstance Win32_BIOS | Select-Object SerialNumber
```

Apolisi akagwira katundu wambiri wakuba, nambala imeneyi ndi imene imasiyanitsa HP yanu ndi ma HP ena ofanana nayo amene aunjikidwa pa tebulo limodzi. Kasiyeninso nambalayo ku ofesi ya kampani ya basi imene munakwera, popeza si chikwama chilichonse chosowa chimene chabedwa, ndipo zina zimatsitsidwa molakwika pa Dedza, pa Ntcheu kapena pa Zalewa ndi munthu amene chake chikufanana nacho. Okonza makompyuta oona mtima a ku Blantyre ndi ku Limbe mungawapatsenso, chifukwa laputopu yotsekedwa nthawi zambiri imafika kwa iwo itanyamulidwa ndi munthu wonena kuti waiwala pasiwedi. Tsamba la Find my device muziliyang'ana kamodzi pa tsiku kwa milungu ingapo, ndipo tsiku likadzasintha, jambulani mapu ndi nthawi yake n'kupita nazo kwa wapolisi amene ali ndi lipoti lanu. Pakhomo limene kadonthoko kaloza musapitepo nokha, chifukwa malo owerengeredwa ndi waifai amatha kuphonya ndi nyumba zingapo m'tauni, ndipo kumene marauta ali ochepa amaphonya ndi mtunda wautali kuposa pamenepo.